Magemu a Lendi

Chaka chachitatu ndikuphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi boma la Phalombe, eninyumba anakweza lendi, ndipo ndinayamba kufuna munthu woti tizigawana nyumbayo. Inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa msika, yokhala ndi magetsi ndi mpopi panja. Munthu amene ndinamupeza anali mnyamata wa ku Lilongwe, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, amene anali atangotumizidwa kudzagwira ntchito pa ofesi ina ya chitukuko cha ulimi. Anafika ndi zikwama ziwiri, nsapato mapeyala asanu ndi awiri, ndi wailesi yakanema yaikulu imene inavuta kulowa pakhomo. Poto analibe ngakhale mmodzi.

Sabata yoyamba yomweyo ndinadziwa kuti ndi munthu wotani. Phalombe yense ankamutchula kuti kumudzi. Ndikamalankhula Chilomwe pa foni ndi amayi anga a ku Chiwalo, iye ankatsitsa wailesi n'kumamvetsera akumwetulira, ngati akuonera kafilimu. Ine ankanditchula kuti aphunzitsi, koma katchulidwe kake kanali ka munthu amene akukumvera chisoni. Sindinganene kuti anali woipa mtima. Anali chabe mmodzi mwa anthu aja amene akamva chinthu dzulo, lero amakuphunzitsa ngati anabadwa nacho.

Chimene chinatigwirizanitsa chinali magemu. Ine ndinayamba kusewera ndili ku koleji, ndipo nditayamba ntchito ndinagula makina akale, ogwiritsidwa kale ntchito, kwa munthu wina ku Limbe. Makinawo anandisangalatsa zaka ziwiri mpaka tsiku lina magetsi atathima n'kubwera ndi mphamvu yopitirira. Ananunkha kupserera, basi nkhani inathera pomwepo. Chimene chinatsala ndi madisiki asanu ndi imodzi: ya mpira, ya nkhonya, iwiri ya mipikisano ya magalimoto, ndi ina iwiri ya nkhani zazitali. Iliyonse ndinaigula nditaganiza mwezi wathunthu, ndipo iliyonse ndinaisewera mpaka kumapeto. Ndinkaisunga m'katoni ya nsapato pamwamba pa wodilopu.

Mnzangayo ataona madisikiwo anati tisonkherane tigule makina atsopano a mtundu womwewo, chifukwa atsopanowo amawerenganso madisiki a makina akale. Zimenezo zinali zoona, ndinali nditazifufuza kale ndekha. Tinagwirizana theka ndi theka. Ine ndinasunga gawo langa kwa miyezi inayi, ndikuyenda wapansi kupita kusukulu m'malo mokwera kabaza. Iye lake analipeza tsiku limodzi, sindinamufunse kuti kuti. Loweruka lina anakwera minibasi ya ku Blantyre ndi ndalama zonse m'thumba. Ndinkafuna kupita nawo, koma ndinali ndi mapepala a mayeso a Fomu 2 oti ndichonge, ndiponso ndinaona kuti thiransipoti ya anthu awiri pogula chinthu chimodzi ndi kuononga.

Anabwera dzuwa likupendeka, katoni ili m'manja, nkhope ikuwala. Titatsegula, ndinanyamula makinawo n'kuwatembenuza mbali zonse. Anali aang'ono, oyera, osalala. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana m'mbali, ndinayang'ananso pansi.

"Achimwene, disiki ilowa pati?"

"Disiki? Aphunzitsi, tili m'zaka ziti? Awa salowa disiki. Aja olowa disiki ndi odula kwambiri, ndiye ndaona kuti tisataye ndalama pa kabowo."

"Nanga ndalama yotsalayo ili kuti?"

"Ndiye nkhani yabwino imeneyo. Ndalembetsa laibulale miyezi itatu, ina ndagulira kontirola yachiwiri. Mukhale pansi ndikufotokozereni."

Ndinakhala pansi. Anafotokoza kuti kampani ya makinawo ili ndi chimene amachitcha laibulale: umalipira pamwezi, ndipo magemu mazanamazana amakutsegukira, umasankha imene ukufuna n'kuikopera m'makina kudzera pa intaneti. Mtengo wa gemu imodzi yatsopano, anatero, ndi wofanana ndi miyezi inayi ya laibulale. "Ndiye inu a masamu, tandiuzeni. Gemu imodzi, kapena mazana? Ngakhale mwana wa Sitandade 3 ayankha."

Ndinamufunsa kuti mwezi ukatha osalipira chimachitika n'chiyani. Anati amatsekeka, koma n'chifukwa chiyani munthu angasiye kulipira zinthu zaulere ngati zimenezi. Mawu amenewo, zaulere, anawanena mosachita manyazi, atangomaliza kundiuza mtengo wake. Ndinawamva miyezi khumi ndi umodzi yotsatira, pafupifupi tsiku lililonse.

Panali zina zimene sananene tsiku limenelo, zimene ndinazidziwa pang'onopang'ono. Dziko lathu silinali pa mndandanda wa mayiko amene kampaniyo imagulitsako, choncho akaunti yake anailembetsa ngati munthu wokhala ku Joni, mumsewu umene sanaupondepo. Kulipira kwake kunali kwa mavocha a ndalama za kumeneko. Ankatumiza ndalama pa foni kwa bambo wina wa ku Blantyre, bamboyo n'kuika phindu lake pamwamba, n'kutumiza manambala oti alowetse m'makina. Ndiye zaulere zija zinkadutsa m'manja mwa anthu awiri zisanatifike, aliyense akubudulako.

Koma chachikulu chinali intaneti. Madzulo a tsiku loyamba lija analumikiza makina ku foni yake, n'kusankha gemu ya nkhondo imene ankaitamanda njira yonse. Makina anayamba ndi kudzikonza okha, ndipo bandulo yake ya sabata inatha gemu isanayambe n'komwe kubwera. Anagula ina. Kamzere kosonyeza mmene gemu ikuloweramo kanayenda pang'ono ngati nkhono, kenako kanaima. Tinawerengera pamodzi kukula kwa gemuyo ndi mtengo wa mabandulo, ndipo zinaoneka kuti kuti ilowe yonse, tikanalipira ndalama yoposa ya laibulale ya mwezi wonse. Gemu imodzi. Iye anayang'ana pepala langalo n'kunena kuti vuto ndi netiweki ya kumudzi kuno, ku Lilongwe sizichitika.

Lolemba m'mawa anakulunga makina mu thaulo, n'kuwaika m'chikwama chakumsana, n'kukwera njinga yamoto ya kuntchito. Ku ofesi kwawo kunali intaneti ya pulojekiti. Ankawaika pansi pa desiki, kuseri kwa makatoni a timapepala tophunzitsira alimi a nandolo, n'kuwasiya akukopera tsiku lonse. Lachitatu anabwera nawo muli magemu anayi. Yachisanu inakana kulowa, malo anali atadzaza. Makina aang'ono otchipawo analinso ndi mimba yaing'ono, moti mwa mazanamazana aja, amene tinkakhala nawo m'nyumba nthawi imodzi anali anayi kapena asanu ngati ali akuluakulu. Ukafuna ina, uchotse ina, unyamule makina, ubwerere ku ofesi.

Ine ndinali ndi asanu ndi imodzi m'katoni ya nsapato, opanda polowera.

Kasewerede kake ndiko kankanditopetsa kwambiri. Loweruka masana tikakhala pabalaza, magetsi alipo, ankatsegula mndandanda wa laibulale n'kumangoyenda nawo pansi ndi m'mwamba. "Iyi ndi moto. Iyi anzanga akuti ndi moto. Iyi tidzaikopera." Ola lathunthu linkatha tikuonera zithunzi za magemu amene tinalibe. Akatsegula imodzi mwa imene inali m'makina, ankasewera mphindi khumi ndi zisanu, akafa kawiri n'kunena kuti ndi yobowa, Lolemba aichotsa. M'miyezi yonse imene tinakhala limodzi sanamalize gemu ngakhale imodzi. Imene tinkasewera zenizeni, tsiku ndi tsiku, inali ya mpira, ndipo ya mu laibulaleyo inali ya chaka chapita, osewera ena akuvala majezi a matimu amene anachokako kalekale. Yatsopano inkagulitsidwa payokha. Ndinamuuza kuti ngati ndi mpira wakale, ine ndinali nawo kale pa disiki, wolipira kamodzi. Anati ndili ndi maganizo a munthu wosunga chimanga m'nkhokwe.

Sindinakane. Bambo anga anachita lendi dimba la mpunga kufupi ndi Chilwa kwa zaka zambiri, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti mwinimunda akafuna malo ake safunsa ngati mpunga wacha. Kulipira lendi si uchitsiru, ndinkalipira ya nyumba mwezi ndi mwezi. Uchitsiru ndi kulipira lendi ya nyumba ya zipinda mazana uku ukugona pakhonde.

Pamiyezi itatu yoyamba ija nditaona kuti ndalama yanga yalowamo kale ndisanafunsidwe, ndinati bola ndidyeko. Ndinatsegula akaunti yangayanga pa makinawo, yopanda laibulale. Iye anali atasankha makinawo kukhala a pakhomo a akaunti yake, ndipo zikatero aliyense wosewera pa makina amenewo amatsegula magemu a mwini akauntiyo. Ndinafufuza mndandanda uja ndekha, osayang'ana zithunzi koma kukula kwake, kufuna gemu yoti singadye malo. Ndinapeza ina yaing'ono imene sindinaimvepo. Unkapatsidwa chigwa chouma ndi mabanja ochepa, ndipo ntchito yako inali kukumba ngalande kuchokera kuphiri, kugawa madzi, kusankha mbewu, ndi kukambirana ndi midzi ya kumunsi imene inkadandaula ukatseka madzi kwambiri. Munalibe mfuti. Mnzanga ataiona anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Aphunzitsi, mwathawa khasu ku Chiwalo kudzaligwira pa kanema?"

Apa ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale chimandiwawa. Gemu imeneyo sindikanaigula m'sitolo. Sindikanaiyang'ana n'komwe. Ndinaidziwa chifukwa cha laibulale yake ija, ndipo ndi gemu yabwino kuposa onse amene ndinasewerapo. Ndinkafika kuchokera kusukulu choko chili m'manja, kuwotcha mbatata, n'kukhala ola limodzi ndikusuntha ngalande. Munthu wokhala m'tauni, wa intaneti yosatha ya m'nyumba, wokonda kulawa magemu ambiri ndiponso wokhala ndi nthawi, laibulale ingamupindulire ndithu. Koma ife sitinali munthu ameneyo, ndipo mmodzi wa ife ankakana kudziwa.

Miyezi itatu itatha anandipempha theka la vocha yotsatira. Ndinakana. Ndinamuuza kuti sindinavomerepo laibulale, ndipo ndikafuna gemu ndidzagula. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikufuna kugula mtsinje, koma anapitiriza kulipira yekha, makamaka kuti asaoneke wogonja. Ine ndinapitiriza kusewera pa lendi ya mnzanga, ndipo sindinachite manyazi, poti madisiki anga anawapha ndi iye.

Nthawi yomweyo ulendo wa makina wa ku ofesi unatha. Bwana wake anadabwa kuti intaneti ya pulojekiti ikutha mwezi usanafike pakati, malipoti akulephera kutumizidwa. Mayi wosesa anapeza kanthu koyera kakutentha pansi pa desiki n'kukanena, poopa kuti kayatsa moto. Mnzanga anabwera masana ndi makina ali m'thaulo, nkhope itagwa, n'kunena kuti anthu a kuno sadziwa tekinoloje. Kuyambira pamenepo laibulale ya mazanamazana inakhala magemu asanu omwewo amene anali m'kati, iye akulipirabe mwezi ndi mwezi. Ndinamuwerengera tsiku lina kuti ndalama imene anali atalipira inali itakwana kugula mpira watsopano ndi kutsalako. Anati masamu si moyo.

Pakati pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, titalumikiza makina ku foni kuti alowetse vocha, panatuluka uthenga wa magemu amene akuchoka mu laibulale kumapeto kwa mweziwo. Yanga ya chigwa inali yachitatu pa mndandanda.

"Kuchoka kupita kuti? Si ili m'makina muno?"

"Ili momwemo, koma itsekeka. Amatero, ena amalowa ena amatuluka. Musadandaule aphunzitsi, alowa ena abwino kuposa ya makasuyo."

Ndinali ndisanafike ndi theka lomwe. Panatsala masabata awiri, ndipo anali masabata a mayeso. Ndinakwiya ngati wandibera ndi iye, ngakhale ndinkadziwa kuti lamulolo si lake. Chimene chinandipsetsa mtima ndi kupepuka kwake. Kwa iye gemu kuchoka sichinali kanthu, chifukwa panalibe imene anaikondapo.

Ndinaganiza zogula. Ndalama ndinalibe, koma ndinali ndi katoni ya nsapato. Ku Migowi kuli bambo wina wometa amene kuseri kwa shopu yake anaika makina awiri akale, anthu amalipira kuti asewere mpira ndi nkhonya. Ndinakwera kabaza Loweruka m'mawa ndi madisiki onse. Bamboyo anawatulutsa imodziimodzi, kuyang'ana kunsi kwake padzuwa ngati muli mikwingwirima, n'kuyesa iliyonse m'makina ake. Ya mpira ndi ya nkhonya anaitenga mosavuta. Ya magalimoto tinalimbana. Ya nkhani zazitali anati makasitomala ake sakhala nthawi yotero, koma anaitenga motsika kuti akagulitse kwa ena. Ndinatuluka ndi ndalama yosafika theka la imene ndinagulira, komabe inali ndalama, yochokera m'magemu amene ndinali nditawasewera mpaka kutopa. Pobwerera ndinkadzimva wanzeru kwambiri. Ndinkakonza m'mutu mmene ndikamufunsire mnzanga kuti iye angagulitse chiyani pa miyezi yake isanu ndi umodzi.

Nditafika, ndinamufunsadi. Iye anangondionetsa chinthu pa kanema. Gemu ikakhala mu laibulale, olembetsa amaigula motsitsa, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo. Pa akaunti yanga mtengo unali wathunthu. Pa akaunti yake unali wotsika.

"Ingogulirani pa yanga. Makina ndi amodzi omwewa, muzisewera pa dzina lanu ngati kale. Kapena a masamu mukufuna kulipira zambiri?"

Ndinawerengera. Yotsalayo inali yokwana bandulo ya mwezi ndi sopo. Ine amene ndinkamunyoza kuti sawerenga malamulo, sindinadzifunse kuti gemu yogulidwa pa akaunti ya munthu imakhala ya ndani. Ndinangoona nambala yaing'ono pambali pa yaikulu. Ndinatumiza ndalama kwa bambo wa mavocha uja, manambala anabwera, mnzanga anawalowetsa pa akaunti yake, n'kudina. Mwezi utatha, magemu ena amene anali pa mndandanda uja anachoka, yanga inatsegukabe.

Kenako kwacha inagwa, monga imachitira. Bambo wa ku Blantyre anakweza mavocha tsiku lomwelo, asanagule n'komwe atsopano. Shuga anakwera, mafuta anakwera, ndipo mnzanga anali atangogula peyala yachisanu ndi chitatu ya nsapato. Mwezi umenewo sanalipire. Tsiku la laibulale litakwana, anatsegula mpira, makina n'kumuuza kuti alembetsenso kapena agule. Anayesa ya nkhondo, chimodzimodzi. Onse anali m'kati, atadzaza malo, zithunzi zawo zikuoneka bwinobwino, koma palibe imene inalola. Ine ndinatenga kontirola mwaulemu, n'kutsegula chigwa changa.

Masabata asanu amenewo ndimawakumbukira ndi chimwemwe choipa. Ankakhala pa mpando wa pambali, foni ili m'manja, akuonera ine ndikukumba ngalande pa wailesi yakanema yake. Tsiku lina anayamba kundilangiza kuti madzi ndiwapititse kumanzere. Tsiku lina anafunsa ngati angayambe chigwa chakechake. Ndinamulola. Anasewera mphindi makumi awiri, mbewu zake zinauma, anati ndi yobowa. Malipiro atabwera analembetsanso, pa mtengo watsopanowo, n'kunena kuti ngakhale zakwera, ukaganizira kuchuluka kwa magemu, ndi zaulerebe.

Pa mwezi wa khumi ndi umodzi pulojekiti yawo inatha ndipo anamuitana kubwerera ku Lilongwe. Anasangalala ngati wotuluka m'ndende. Za makina tinakambirana mwachidule: iye ankafuna akuluakulu akafika kwawo, choncho ndinamubwezera theka lake, titachotsapo za kutha kwake, makina n'kukhala anga. Ndinagula kakanema kakang'ono kakale kwa mphunzitsi mnzanga. Tsiku lonyamuka, katundu ali kale pa galimoto, anachotsa akaunti yake m'makina. Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, mochedwa.

"Nanga gemu yanga?"

"Ili bwinobwino. Makinawa ndawasiya ngati a pakhomo a akaunti yanga, izitsegukabe. Yesani."

Ndinayesa, inatseguka.

"Mukagula ena kumeneko?"

"Aaa, aphunzitsi, mumadandaula zambiri. Sindingakuchiteni zimenezo."

Temu imeneyo inali yolemetsa. Mphunzitsi wina wa masamu anachoka, makalasi ake anandigwera, ndipo chigwa ndinkachiona Lamlungu lokha, nthawi zina osachiona. Makina sindinkawalumikiza ku intaneti, panalibe chifukwa. Patapita miyezi iwiri ndinasunga kandalama koti ndigule mpira wotsika mtengo, pa akaunti yanga tsopano, poti ndinali nditaphunzira. Ndinalumikiza makina ku foni, kulowetsa vocha, kugula. Mpira uli m'kati molowa, ndinati ndione ngalande zanga. Makina anandifunsa ngati gemuyo ndi yanga, n'kunena kuti ndilowe ndi akaunti imene inaigula.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo. Kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo ndi anthu akuseka.

"Aphunzitsi! Kumudzi kuli bwanji?"

"Gemu yanga yatsekeka."

"Iti? Ooo, ya makasu ija. Eya, ndinagula makina ena, ndiye ndinasamutsa. Akaunti imakhala ndi makina a pakhomo amodzi okha, ndipo azing'ono anga kuno amafuna kusewera. Ndinaiwala kukuuzani."

"Ndinagula ndi ndalama yanga, achimwene."

"Ndikudziwa, koma palibe njira yoisamutsira kwa inu. Ikalowa pa akaunti yalowa."

Ndinamupempha pasiwedi kuti ndizilowa ngati iye. Anati sizingatheke, pa akauntiyo anaikapo khadi yake ya kubanki, komanso ndikamalowa ine ndizimusokoneza iye akamasewera. Ndinamufunsa ngati wayamba waitsegulapo gemuyo chifikire ku Lilongwe. Anaseka, anati ayi, ya chiyani. Ndinati ndiye andibwezere ndalama. Anati tidzaona kumapeto kwa mwezi, ndipo tonse awiri tinadziwa tanthauzo lake.

"Koma dikirani," anatero ndili pafupi kudula. "Ndinaiona sabata yatha. Yabwereranso mu laibulale. Ingolembetsani aphunzitsi, muisewere yaulere."

Ndinadula foni osatsanzika, zimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu kwa ine.

Kwa masabata angapo sindinayatse makinawo kupatula pa mpira. Ndinkadziuza kuti sindidzapatsanso kampaniyo ngakhale tambala pa gemu imeneyo. Ndinkamunyoza mnzanga m'mutu ndikuchapa, ndikuyenda, ndikulemba pa bolodi. Koma ndikafika pa funso loti anadina ndani kutumiza ndalama ija, mnyozo unkatembenuka. Ndinagulitsa magemu asanu ndi imodzi amene ndikanatha kubwereketsa, kusinthanitsa kapena kugulitsa tsiku lililonse, n'kugula imodzi yosagwirika, pa dzina la munthu amene analibe poto, kuti ndipulumutse ya sopo.

Tchuthi cha temu chitayandikira ndinatenga pepala. Zimene ndinasewera zinali zosungidwa pa akaunti yanga, sizinapite naye. Gemu inali idakali m'makina, yosafuna bandulo yaikulu. Kuti ndiimalize pankafunika masabata atatu a munthu wopanda ntchito. Kuigulanso kunali kodula kuposa mwezi umodzi wa laibulale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaimaliza sindidzaibwerezanso msanga. Ndinawerengera kawiri, ndikuyembekeza kuti yankho lisintha. Silinasinthe.

Tsiku lotsekera sukulu ndinatumiza ndalama kwa bambo wa ku Blantyre, ya mwezi umodzi. Polowetsa manambala makina anandinyengerera kuti ndiike khadi kuti izidzilipira yokha mwezi ukatha, ndinakana. Mndandanda wa mazanamazana uja sindinautsegule ngakhale kamodzi. Ndinasewera m'mawa uliwonse nditamwa tiyi, kupatula masiku anayi amene ndinapita ku Chiwalo kukathandiza amayi kukolola nandolo ndi masiku awiri amene magetsi kunalibe. Madzi anafika kumudzi womaliza wa kumunsi kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe. Mayina a anthu opanga gemuyo anayenda pa kanema, ndinawaonera onse mpaka kumapeto ndili ndekha pabalaza.

Mnzanga uja sindinamuuze. Akanamva kuti ndinalembetsa, akanauza Lilongwe yense kuti mphunzitsi wa ku Phalombe anatembenuka mtima. Amanditumizirabe mauthenga nthawi zina, zithunzi za magemu atsopano amene alowa mwezi umenewo, ndi mawu oti iyi ndi moto. Ndimayankha kuti chabwino. Ndalama ija sanatumize, ndipo m'chipinda chake muli namwino wina wa ku Zomba amene amalipira lendi pa tsiku lake ndipo magemu alibe nawo ntchito.